Chithokomiro chokhuta chimanamiza kamera

Pali matenda atatu a chithokomiro omwe odwala ake amadandaula zofanana, ndipo ngakhale zotsatira za magazi zimatuluka zofanana, koma thandizo lake ndi losiyana kotheratu. Munthu amaonda chonsecho akudya ngati waganyu, mtima umagunda ngati wathamanga, manja amanjenjemera, tulo sitibwera, ndipo thukuta limatuluka ngakhale mu Juni anzake atafunda mabulangete awiri. Kuno ku Kasungu munthu akayamba kuonda chotere, maganizo amathamangira ku kachilombo ka HIV, chifuwa chachikulu kapena shuga, ndipo n'zoona kuti zimenezo ziyenera kuyezedwa kaye. M'nyengo yothyola fodya ena amati ndi chikonga cha masamba onyowa chomwe chalowa pakhungu. Chikonga chimagunditsadi mtima ndi kuchititsa nseru, koma chimatha pa tsiku limodzi kapena awiri. Za chithokomiro zimatenga miyezi.

Sabata ino ndikufuna tikambe za kuunika kwa mtundu wina komwe kumasiyanitsa matenda atatuwa, komanso tinthu ting'onoting'ono tomwe tingawononge kuunikako munthu atawononga kale ndalama zake za fodya pa ulendo.

Tiyambe ndi dzina. Tikati chithokomiro, ambiri timaganiza za chotupa cha pakhosi. Komatu aliyense ali nacho chithokomiro. Ndi kachiwalo kooneka ngati gulugufe, kali kutsogolo kwa khosi m'munsi mwa kholingo, phiko lina kumanja lina kumanzere. Ntchito yake ndi kutola ayodini m'magazi n'kupanga naye mahomoni omwe amalamula liwiro la thupi lonse. Chithokomiro sichidzilamulira chokha. Pansi pa ubongo pali kachiwalo kena komwe kali ngati kapitawo wa pa esiteti. Mahomoni akachepa m'magazi, kapitawoyu amakuwa, ndipo mfuwu wakewo ndi womwe papepala la ku labu amalemba kuti TSH. Mahomoni akachuluka, kapitawo amakhala duu. Choncho dokotala akaona TSH yatsikiratu pamene T4, yomwe ndi homoni ya chithokomiro, yakwera, amadziwa kuti mahomoni asefukira. Chomwe pepalalo silinena ndi komwe akuchokera.

Akhoza kuchokera m'njira zitatu. Yoyamba ndi yoti chithokomiro chonse chikugwira ntchito mopyola muyezo chifukwa chitetezo cha m'thupi chasokonekera n'kuyamba kutulutsa asilikali omwe amakuwa motsanzira kapitawo uja. Amenewa ndi matenda a Graves, dzina lochokera kwa dokotala wa ku Ireland, Robert Graves, yemwe anawafotokoza mu 1835. Yachiwiri ndi yoti chigawo chimodzi chokha, chotupa, chagalukira ndipo chikupanga mahomoni mosamvera aliyense, pamene mbali yotsalayo yagona chifukwa kapitawo wasiya kukuwa. Nthawi zina zotupa zogalukirazi zimakhala zingapo. Yachitatu ndi yoti palibe chomwe chikupangidwa n'komwe: chithokomiro chatupa ndi kuvulala m'kati, mwina pambuyo pa chimfine kapena miyezi ingapo mayi atachira, ndipo mahomoni omwe anasungidwa akungotayikira m'magazi. Zili ngati nkhokwe yabooka. Chimanga chili mbwee pabwalo, koma kumunda kulibe yemwe akulima.

Kusiyanaku si kwa m'mabuku chabe. Wa matenda a Graves amamwa mapiritsi a kabimazo, omwe pabotolo amalemba carbimazole, kwa chaka chimodzi kapena chaka ndi theka, ndipo pafupifupi theka la odwala matendawa amagona akasiya kumwa. Wa chotupa chogalukira mapiritsi amamuthandiza pokhapokha akumwa. Akangosiya, matenda amabwerera, pakuti chotupacho sichisintha khalidwe. Chofunika ndi opaleshoni kapena ayodini wa cheza wowotcha chotupacho. Wa nkhokwe yobooka uja kabimazo samuthandiza chilichonse, chifukwa piritsili limaletsa kupanga mahomoni atsopano, ndipo iye sakupanga. Amangofunika mankhwala okhazika mtima pansi ndi ochepetsa ululu, matendawo amatha okha pa miyezi ingapo. Kumpatsa kabimazo chaka chonse ndi kumuika pachiswe chabe, popeza piritsili nthawi zina limagwetsa maselo oyera a m'magazi.

Tsono kuunika komwe ndikunenaku si sikani ija ya amayi oyembekezera. Ya amayi oyembekezera imagwiritsa ntchito mafunde a phokoso ndipo imaonetsa maonekedwe: chotupa n'chachikulu bwanji, muli madzi kapena mnofu. Iyi ya nyukiliya imaonetsa ntchito. Funso lake ndi limodzi: ndi mbali iti ya chithokomiro yomwe ili ndi njala ya ayodini?

Amachita motere. Maselo a chithokomiro ali ndi timakomo tomwe timakoka ayodini kuchokera m'magazi. Pali chinthu china chotchedwa tekinishiyamu, papepala la chipatala amalemba Tc-99m, chomwe kukula kwake n'kofanana ndi ayodini moti timakomoto timachikoka osazindikira. Chinthuchi chimatulutsa cheza chochepa chomwe kamera yapadera imatha kuchiwerenga. Wodwala amabayidwa jakisoni wamng'ono pamtsempha wa pamkono, amadikira mphindi 20, kenako amagona chagada, khosi litapendekera kumbuyo, kamera ili pafupi ndi khosi koma osamukhudza. Chithunzi chilichonse chimatenga mphindi zisanu kapena khumi. Kamerayo siwala ndipo situlutsa cheza. Cheza chikuchokera mwa wodwalayo, iyo ikungowerenga. Pomwe pakoka tekinishiyamu wambiri pamaoneka pothimbirira kwambiri, ndipo madokotala amati n'potentha. Pomwe sipanakoke pamatsala ngati dzenje, amati n'pozizira. Mawuwa asakusokonezeni, sakunena za kutentha kwa thupi.

Ena amaopa akamva mawu oti nyukiliya. Mphamvu ya tekinishiyamu imatsika ndi theka pa maola 6 aliwonse, choncho pakatha tsiku lathunthu imatsala gawo limodzi mwa magawo 16, osawerengera yomwe yatuluka kale ndi mkodzo. Cheza chomwe munthu amalandira n'chochepera kapena chofanana ndi chomwe tonsefe timalandira pa chaka kuchokera m'nthaka, m'miyala ndi mumlengalenga. Malo ena amagwiritsa ntchito ayodini weniweni wa cheza, I-123, yemwe amamwedwa ngati kapisozi ndipo amawerenga pakatha maola 4 mpaka 6 komanso mawa lake. Ameneyu ndi wodula ndipo sapezeka wamba m'chigawo chathu chino cha Africa, ndiye ambiri mwa inu mukatumizidwa mudzakumana ndi tekinishiyamu.

Kufulumira kutha mphamvuku ndi komwe kumachititsa kuti kuunikaku kusapezeke paliponse. Tekinishiyamu sangasungidwe m'kabati ngati panado. Amamukama tsiku ndi tsiku kuchokera m'kachitini kolemera kokhala ndi kholo lake, molibidenamu, yemwe naye amatsika ndi theka pa maola 66 aliwonse. Kachitini kamodzi kamagwira ntchito sabata imodzi kapena ziwiri basi, kenako pafunika katsopano. Malo opanga molibidenamuyu ndi owerengeka pa dziko lonse, ndipo amodzi ali ku Pelindaba, pafupi ndi Pretoria ku South Africa. Pa chipatala chathu cha boma cha Kasungu kamera imeneyi palibe. Kwa zaka zambiri Amalawi ofunika kuunikaku akhala akuwoloka malire, ena ku University Teaching Hospital ku Lusaka kudzera pa Mchinji ndi Chipata, ena ku Ocean Road ku Dar es Salaam, ena ku South Africa kapena ku India. Dokotala wokutumizani ndiye angakuuzeni malo apafupi omwe akujambula pa nthawiyo. Langizo langa ndi loti musakwere basi musanaimbe foni n'kutsimikizira tsiku, chifukwa kamera ikhoza kukhalapo koma kachitini ka sabata imeneyo kasanafike.

Tiyeni tiyerekeze ndi munthu mmodzi kuti zimveke. Titenge mayi wa zaka 38 wa kwa Santhe, mlimi wa fodya wa bale. Watsika makilogalamu 7 pa miyezi inayi, mtima ukugunda ka 110 pa mphindi atangokhala, ndipo kumanja kwa khosi kuli chotupa chachikulu ngati dzira la njiwa chomwe chimakwera akameza malovu. Za HIV, chifuwa chachikulu ndi shuga ayeza, zili bwino. Magazi omwe anayezetsa ku Lilongwe aonetsa TSH yochepera 0.01, pamene mwa munthu wabwinobwino imakhala pakati pa 0.4 ndi 4, ndipo T4 ili pa 45 pamene siyenera kupyola 22 kapena chapompo, malinga ndi labu. Aliyense woona khosi lake anganene kuti wolakwa ndi chotupacho. Koma chotupa kupezeka pamalo a ngozi sindiye kuti ndicho chapalamula.

Asanamubaye, wojambula amaika sirinji yodzaza pansi pa kamera n'kuwerenga. Tinene kuti yapereka 400,000. Atamubaya amawerenganso sirinji yopanda kanthu, popeza pamatsalira timadontho, ndipo yapereka 20,000. Ndiye kuti m'thupi mwalowa 380,000. Pakatha mphindi 20 amazunguliza mzere pa chithunzi cha chithokomiro n'kupeza 34,000, n'kuchotsapo 3,600 zochokera m'magazi ndi minofu yozungulira. Zatsala 30,400. Mukagawa 30,400 ndi 380,000 mupeza 8 pa 100 aliwonse. Kompyuta imakonzanso pang'ono chifukwa cha mphamvu yomwe yatsika pa mphindi zimenezo, koma masamu ake ndi omwewa. Chithokomiro chabwinobwino pa nthawi imeneyi chimakoka pakati pa theka la 1 ndi 3 kapena 4 pa 100, kutengera malo ndi kuchuluka kwa ayodini m'zakudya za anthu akumeneko. Choncho 8 akutiuza kuti kumunda kukulimidwadi. Nkhokwe yobooka ija taichotsa.

Nambala yokha sikwanira, pafunika kuona komwe kwathimbirira. Apa wojambula wodziwa ntchito amapapasa chotupacho ndi chala n'kuikapo kachizindikiro kooneka pa chithunzi, kuti pasakhale kukangana ngati malo othimbirirawo ndi chotupa chomwecho kapena pambali pake. Ngati chithunzi chaonetsa mpira umodzi wothimbirira kumanja, ndendende pa chizindikiro, pamene phiko la kumanzere lazimiririka ngati kulibe, ndiye chotupa chogalukira. Phiko la kumanzerelo silinafe, langogona chifukwa TSH kulibe, ndipo chotupacho chikachotsedwa limadzuka. Kwa mayiyu imeneyi ndi nkhani yabwino kawiri: chotupa chotentha sichikhala khansa kupatula mwa apo ndi apo, moti nthawi zambiri sipafunika kuchibaya singano, ndipo madokotala a opaleshoni akhoza kuchotsa phiko limodzi lokha.

Koma chithunzi chikhoza kutuluka mwina. Gulugufe yense wathimbirira mofanana, mapiko onse awiri, mwinanso n'kakamzere kokwera m'mwamba pakati, koma pomwe pali chizindikiro chija pali dzenje loyera. Apa nkhani yatembenuka. Wochulutsa mahomoni ndi chithokomiro chonse, matenda a Graves, ndipo chotupacho ndi mlendo chabe yemwe sakugwira ntchito. Mayiyu ali ndi mavuto awiri osiyana. Mapiritsi athandiza la mahomoni, koma chotupa chozizira chiyenera kuunikidwa ndi sikani ya mafunde ija ndi kubayidwa kasingano kotenga maselo okayeza. Ndisakuopsezeni: zotupa zambiri za chithokomiro n'zozizira, ndipo mwa zozizirazo zoposa 8 pa 10 zilizonse si khansa, zambiri ndi timatumba ta madzi kapena mnofu wamba. Kamera ya nyukiliya siyinena kuti iyi ndi khansa. Imangonena chotupa chomwe tingachisiye ndi chomwe tiyenera kuchifunsa mafunso ena.

Pali chithunzi china chomwe chimapezeka kwambiri mwa achikulire omwe akhala ndi chithokomiro chotupa kwa zaka makumi: mawangamawanga, pena pothimbirira pena poyera, ngati chikopa cha nkhanga. Zimenezi ndi zotupa zambiri zomwe zinamera nthawi yomwe ayodini ankasowa m'zakudya, ndipo zina mwa izo zinagalukira. Ku Zimbabwe, mchere wa ayodini utafala, madokotala analemba mu 1995 kuti odwala ochulukirwa mahomoni anawonjezeka, ndipo ambiri anali achikulire a zotupa zakalekale zomwe zinapeza mwadzidzidzi chakudya chomwe zinkachisowa. Izi sizikutanthauza kuti mchere wa ayodini ndi woipa. Ndiwo ukuteteza ubongo wa ana athu ndiponso kuti achinyamata a lero asamere zotupa zomwe agogo awo anamera. Zikungotiuza kuti agogo a chotupa chakale akayamba kuonda ndi kugunda mtima, tisamangoti ndi ukalamba.

Tsopano tibwerere kwa mayi wathu uja, tisinthe chinthu chimodzi chokha. Masabata awiri asananyamuke anadzitema ndi chikwanje pamwendo, ndipo m'mawa ndi madzulo akhala akupaka pabalapo mankhwala ofiirira aja a ayodini. Palibe yemwe anamufunsa, nayenso sanaone chifukwa chotchulira bala la pamwendo kwa dokotala wa pakhosi. Ayodini wa pabala amalowa m'magazi. Pofika tsiku lojambula, magazi ake adzaza ayodini wamba, timakomo tija takhuta, ndipo tekinishiyamu akungodutsa. M'malo mwa 30,400 kamera yawerenga 1,100, kutanthauza 0.3 pa 100. Pa chithunzi chithokomiro sichikuoneka bwino, chotupa sichikudziwika ngati n'chotentha kapena chozizira.

Choopsa chake n'choti chithunzi chotere si chopanda kanthu ayi, chili ndi tanthauzo lake, ndipo tanthauzolo ndi labodza. Mahomoni ambiri m'magazi koma chithokomiro chosakoka kanthu ndi chithunzi chenicheni cha nkhokwe yobooka. Dokotala wosauzidwa za balalo akhoza kumuuza mayiyu kuti apite kwawo, zitha zokha. Iye n'kubwerera ku Kasungu ndi mtima wogunda ka 110, ndalama za mabelo atatu zitapita. Mtima ukathamanga chotere kwa miyezi yambiri umayamba kugunda mosalongosoka ndipo ukhoza kufooka.

Dokotala wochenjera ali ndi njira zodziwira. Kutupa kobwera pambuyo pa chimfine kumapweteka, khosi silifuna kukhudzidwa, ululu umakwera mpaka kukhutu, ndipo magazi amaonetsa zizindikiro za kutupa. Kwa mayi wongochira kumene sikupweteka, koma nthawi yake imadziulula. Matenda a nkhokwe yobooka samakhalitsa, choncho munthu yemwe wadwala miyezi inayi akuipiraipira sakugwirizana ndi chithunzicho. Pomwe pali labu yotha kutero, amayeza ayodini mumkodzo, ndipo akapezeka wochuluka zedi nkhani yadziwika. Koma njira yotsika mtengo kuposa zonse ndi pakamwa pa wodwala.

Ndiye zopewa n'ziti? Gulu loyamba ndi lokhutitsa chithokomiro, ndipo wamkulu wake ndi mankhwala omwe amabaya pamtsempha pojambula CT kuti mitsempha iwale. Mu jakisoni mmodzi muli magalamu makumi a ayodini, ndipo ngakhale wambiri amatuluka ndi mkodzo, kachigawo komwe kamamasuka n'kokwanira kukhutitsa chithokomiro chomwe pa tsiku chimangofuna mamaikulogalamu 150. Pamafunika kudikira masabata 4 mpaka 8. Apa m'pomwe ambiri amagwera, chifukwa munthu wa chotupa cha pakhosi ndi yemwenso amatumizidwa ku CT. Ngati zonse ziwiri zikufunika ndipo palibe changozi, ya nyukiliya iyambe. Mankhwala a pabala aja, komanso omwe amapaka pakhungu asanachite opaleshoni, amafuna masabata awiri mpaka anayi. Chimodzimodzi mankhwala ena a chifuwa okhala ndi ayodini, mavitamini osakaniza, ndi zowonjezera m'thupi zomwe amagulitsa m'matauni zopangidwa ndi ndere za m'nyanja ya mchere. Werengani pabotolo, kapena bwino koposa nyamulani mabotolo onse mukawaonetse. Wovuta kwambiri ndi piritsi la mtima lotchedwa amiyodaroni. Piritsi limodzi la mamiligalamu 200 lili ndi mamiligalamu 75 a ayodini, ndipo mankhwalawa amabisala m'mafuta a m'thupi kwa miyezi yambiri munthu atasiya kumwa. Ameneyu musamusiye nokha n'komwe chifukwa cha sikani. Mtima ndi wofunika kuposa chithunzi. Ingomuuzani dokotala.

Funso lomwe limabwera nthawi zonse ndi la mchere ndi nsomba. Pa kujambula wamba kwa tekinishiyamu, malo ambiri sauza munthu kusiya mchere wa m'ndiwo. Kudya mopewa ayodini kwa sabata imodzi kapena ziwiri amalamula makamaka kwa omwe akukalandira ayodini wa cheza ngati mankhwala, kapena omwe anachotsedwa chithokomiro chifukwa cha khansa. Usipa, matemba ndi chambo ndi nsomba za m'madzi opanda mchere ndipo ayodini wake ndi wochepa poyerekeza ndi nsomba za m'nyanja ya mchere zomwe zimabwera m'mafiriji ndi m'zitini. Zam'nyanja ya mcherezo mukhoza kuzisiya masiku angapo musanapite. Nsima yanu idyani.

Gulu lachiwiri ndi mankhwala a chithokomiro enieniwo. Kabimazo kawirikawiri amasiyidwa masiku atatu mpaka 7 tsiku lojambula lisanafike, malinga ndi malamulo a malo ojambulirawo. Chifukwa chake chimadziwika bwino pa ayodini wa kapisozi: piritsili limaletsa chithokomiro kumanga ayodini, ndiye amalowa n'kutulukanso, nambala ya mawa lake n'kutsika monama. Pa tekinishiyamu vuto lake ndi lina, ndipo ndi lomwe ine ndimaliona lobisika. Munthu akamwa kabimazo miyezi ingapo mahomoni amatsika, kapitawo uja amayambanso kukuwa, phiko lomwe linagona limadzuka n'kuyamba kukoka. Chotupa chogalukira chija sichioneka chokha pa chithunzi, chimasakanikirana ndi anzake. Kusiya piritsi masiku atatu sikubweza zimenezi msanga. N'chifukwa chake chithunzi chomveka bwino ndi chojambulidwa TSH idakali pansi, ndipo n'kofunika kuyezetsanso magazi pafupi ndi tsiku la ulendo n'kunyamula pepalalo. Omwe amamwa thairokisini, piritsi lowonjezera mahomoni, amafunika kusiya pafupifupi masabata anayi ngati dokotala waona kuti kujambulako n'kofunikadi, chifukwa piritsili limakhazika chete TSH ndipo chithokomiro chonse chimagona.

Tsiku losiyira mankhwala alitchule ndi dokotala, osati mnansi kapena wolemba nkhani m'nyuzipepala. Kwa munthu wa mahomoni okwera kwambiri kapena wa mtima wofooka, ngakhale masiku asanu opanda kabimazo ndi nkhani yofunika kuiganizira. Piritsi lokhazika mtima la puropuranolo silisokoneza chithunzi, ndipo ndi lomwe limamugwira munthu pa masiku amenewo. Limenelo pitirizani.

Gulu lachitatu si mankhwala. Mayi woyembekezera sajambulidwa, chifukwa mankhwala a cheza amadutsa kupita kwa mwana. Ngati mwezi wadumpha kapena mukukayika, nenani musanabayidwe, ayeze mkodzo. Woyamwitsa akhoza kujambulidwa ndi tekinishiyamu, koma mwana sayamwa kwa maola osachepera 12, malo ena amati 24. Mkaka wa maola amenewo umafinyidwa n'kutayidwa, ndiye finyiranitu wina wosunga dzulo lake. Ayodini wa I-131 ndi nkhani ina: mayi akalandira ameneyo kuyamwitsa mwana ameneyo kwatha. Funsani dzina la chomwe akukubayani kapena kukumwetsani. Pa tsikulo vulani mikanda ndi tcheni cha m'khosi, chifukwa chitsulo chimatchinga cheza n'kujambula dzenje lozizira pomwe palibe. Akakupatsani madzi musanagone pa makina imwani, amatsuka malovu okhala ndi tekinishiyamu omwe akatsalira kummero amaoneka ngati kachotupa kotentha. Mukamaliza imwani madzi ambiri, kodzani pafupipafupi, ndipo tsiku limenelo khanda lifukatidwe ndi wina.

Ndinene maganizo anga pa za ulendo wokhawo, poti ndalama zogulitsa fodya ku Chinkhoma zimabwera kamodzi pa chaka. Si aliyense wa chithokomiro yemwe afunika kuunikaku. Ngati TSH ili bwinobwino ndipo vuto ndi chotupa chokha, kamera ya nyukiliya ilibe chokuuzani. Chofunika ndi sikani ya mafunde ndi kasingano, zomwe zimachitika konkuno ku Malawi. Ngati chithokomiro chonse chakula mosalala, popanda chotupa, maso atuluka ngati munthu wodabwa, amenewo ndi matenda a Graves ndipo dokotala sayenera kudikira chithunzi kuti ayambe mankhwala. Palinso kuyeza magazi kofufuza asilikali otsanzira aja, papepala amalemba TRAb, ndipo botolo la magazi limayenda ulendo motchipa kuposa munthu. Kwa odwala maso otuluka ndiwonjezere ichi, ngakhale tili m'boma la fodya: kusuta kumakulitsa vuto la masowo ndipo kumachepetsa mphamvu ya mankhwala ake. Kulima ndi kusuta ndi zinthu ziwiri.

Woyenera ulendowu ndi wofanana ndi mayi wa kwa Santhe uja: TSH yotsika, chotupa chogwirika kapena chooneka pa sikani, ndipo funso loti wolakwa ndani lisanayankhidwe. Naponso kamera ili ndi malire. Kachotupa kochepera sentimita imodzi nthawi zambiri sikaoneka, kamabisika m'mnofu wozungulira. Ndipo pali zotupa zochepa zomwe zimakoka tekinishiyamu n'kuoneka zotentha chonsecho sizitha kumanga ayodini weniweni. Ndiye chotupa chikaoneka chotentha koma phiko linalo silinagone, kapena pa sikani ya mafunde chikuoneka mokayikitsa, dokotala akanena kuti abayebe kasingano musamuone ngati akufuna kukudyerani ndalama. Pobwerera pemphani chithunzicho pamodzi ndi lipoti lolembedwa, loonetsa nambala ya kukoka ija ndi dzina la mankhwala omwe anagwiritsa ntchito, ndipo musanachoke funsani tsiku loyambiranso kabimazo, lilembedwe m'buku lanu la kuchipatala.